Mpando wa alendo: kulemba zoyankhulana zoulula munthu iye asananene zakukhosi

Tiyerekeze kuti mukulemba nkhani iyi. Mnyamata wa m'mudzi wina kufupi ndi Lizulu anapita ku Joni n'kukhalako zaka 4. Chaka choyamba ankatumiza ndalama, kenako foni inangoti zii. Mayi ake anadwala miyezi 8 n'kumwalira iye kulibe, ndipo amene anawasamala mpaka kuwaika m'manda ndi mlongo wake wamkulu, Nangozo. Lero mnyamatayo, timutche Dalitso, watulukira ndi chikwama chimodzi. Wapeza mlongo wake ali pakhonde akusankha mbatata ya kachewere. Pamenepa ndi pamene nkhani yonse yakhala ikulowera, ndipo ndi pamenenso olemba ambiri amaiphera. Amalemba chonchi:

"Dalitso, ndakwiya nawe kwambiri chifukwa unatisiya tokha amayi akudwala," anatero Nangozo mokwiya.

"Pepani achemwali, ndikuchita manyazi. Ntchito inatha ndipo ndinkaopa kukuuzani," anayankha Dalitso mwachisoni.

"Ngakhale zili choncho ndimakukondabe chifukwa ndiwe mlongo wanga."

Chichewa chake chilibe cholakwika. Vuto ndi lakuti mizere itatu yokhayi yamaliza nkhani, ndipo wowerenga sanapatsidwe ntchito iliyonse. Choipa kwambiri n'chakuti sitinamudziwe Nangozo. Mawu amenewa angawanene mkazi aliyense wokwiya, wa ku Lobi, wa ku Golomoti kapena wa ku Blantyre. Mkwiyo ndi wa anthu onse. Chimene chili cha Nangozo yekha ndi mmene amaunyamulira mkwiyowo, kumene amaubisa, ndi pamene umadonthera iye asakufuna. Khalidwe la mpangankhani limaoneka pa njira imene wasankha pozemba chinthu chimene sangathe kuchitchula.

Musanalembe mzere ngakhale umodzi wa zoyankhulana, tengani pepala lina limene wowerenga sadzaliona. Pa munthu aliyense lembanipo zinthu ziwiri. Choyamba ndi chimene akufuna kuti mnzakeyo achite asanadzuke pamene akhalapo. Chikhale chinthu chooneka, choti mnzakeyo angapereke kapena kukana. "Akufuna kukhululukidwa" sichikwanira, chifukwa kukhululuka sikuoneka ndi maso. "Akufuna kuti amuperekeze kukaona manda a mayi ake" ndiye chabwino, pakuti kumudzi munthu sangolowa kumanda yekha ngati akupita kudimba. Pamafunika achibale, ndipo amfumu adziwe. Nangozo angathe kutsegula njira imeneyi kapena kuitseka. Chachiwiri ndi chimene munthuyo sangathe kunena, ndi chifukwa chake. Dalitso sanganene kuti wabwera chimanjamanja, chifukwa akatero zaka 4 zija zisanduka zopanda pake pamaso pa mudzi wonse. Nangozo sanganene kuti anagulitsa mbuzi zake zonse kuti agule bokosi, ndiponso kuti mayi ankatchula dzina la Dalitso mpaka tsiku lomaliza. Akanena zimenezi aoneka ngati akuwerengera mayi ake omwe mtengo, komanso akudziwa kuti akangoyamba alira pamaso pa mwana amene anamubereka kumsana.

Mizere itatu yoipa ija musaitaye. Ikopereni pa pepala lobisikali. Ndi imene izikuuzani zimene zili pansi pa mawu aliwonse amene mulembe.

Tsopano muwapezere chinthu china choti azikamba. Apa m'pofunika kusankha mosamala. Chinthucho chikhale m'manja mwawo kapena pamaso pawo, ndipo chikhudze chilondacho cham'mbali. Akamakamba za mpira wa dzulo, nkhaniyo ndi yotalikirana kwambiri ndi maliro, wowerenga asochera. Akamakamba za matenda a mayi, ndiye kuti agwira chilonda chenichenicho. Mbatata zili pakatikati. Zakumbidwa kudimba kwa malemuwo, zinafuna feteleza, fetelezayo anafuna ndalama, ndipo ndalamazo ndi zimene Dalitso sanatumize. Funso lililonse la mbatata lingathe kufika pa maliro popanda kuwatchula. Onani mmene zingayendere:

Nangozo sanadzuke pamene anakhalapo. Anakankhira pambali mbatata zowola n'kuitana mwana.

"Chisomo, tawatengerani mpando alendowa. Wa m'nyumba uja, osati uwu."

"Ndikhala pamphasa pomwepa, achemwali."

"Ayi, mungadetse zovala. Fumbi lakuno munaliiwala."

Mpando unabwera. Dalitso anakhala cham'mphepete, chikwama chili pamiyendo.

"Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino. Kaya kuno?"

"Tilipo, amene tilipofe."

Dalitso anatola mbatata imodzi n'kuitembenuza.

"Zabereka chaka chino."

"Ndi za kudimba kwa amayi."

"Feteleza munamupeza?"

"Anapezeka."

"Mbuzi zija zili kubusa?"

"Khola lilipo."

Nangozo anaponya mbatata zitatu m'thumba, imodziimodzi.

"Ndinamva mochedwa, achemwali. Foni ija..."

"Mafoni amavuta. Nawonso ankatero. Ankati kumeneko netiweki imavuta, musamudandaulitse mwana."

Dalitso anatsegula zipi ya chikwama, n'kuitsekanso.

"Ndinawagulira bulangete. Chaka chatha chomwe, kutayamba kuzizira."

"Lisungeni, mufunda nokha. Usiku kuno kukuzizira."

"Nanga bokosi..."

"Linapezeka. Maliro anayenda bwino, anthu anadya. Palibe anadandaula."

Dalitso anatsika pampando n'kukhala pamphasa. Anayamba kusankha, n'kuponya m'thumba kambatata kakang'ono.

"Iwe, imeneyo ndi ya mbewu. Waiwala? Zazing'ono uziika apa."

"Apa?"

"Apo. Ukamaliza ukawapatse moni amalume. Ndi amene akawauze amfumu mawa."

Palibe watchula mkwiyo, manyazi kapena chikondi, koma zonse zitatu zilimo. Tiyeni tione chimene chikugwira ntchito pa mzere uliwonse, chifukwa zambiri mwa zida zimenezi ndi za Chichewa chenichenicho, ndipo wolemba amene amaganiza m'Chingerezi n'kumamasulira sazigwiritsa ntchito.

Chida chachikulu ndi ulemu. Kwathu kuno munthu wamkulu akakwiya kwenikweni nthawi zambiri sakalipa, amawonjezera ulemu. Nangozo sanamutukwane mlongo wake. Wamutengera mpando wabwino wa m'nyumba, wamutcha mlendo, wamudera nkhawa kuti angadetse zovala. Chilichonse mwa izi ndi chinthu chabwino, ndipo Dalitso sangadandaule nacho, koma tanthauzo lake ndi limodzi: pano si panu. Mwana wa pakhomo sapatsidwa mpando, amadzipezera yekha pokhala. N'chifukwa chake Dalitso akuukana mpandowo nthawi yomweyo. Iye wamva zimene zanenedwa, ndipo wowerenga akaona kuti wakana, nayenso amamva. Onaninso kuti mawu oyamba a Nangozo sanapite kwa Dalitso. Akuyankhula ndi mwana, za munthu amene waima pamaso pake. Kudutsira mwa munthu wachitatu chotere, kaya ndi mwana, kaya ndi nkhuku imene ikujompha ufa, ndi njira imene tonse tinaimvapo pakhomo, ndipo pa pepala imagwira ntchito mwamphamvu chifukwa womva sangayankhe popanda kuvomereza kuti mawuwo ndi ake.

Kenako pali "inu" ndi "iwe". Kuyambira pa mpando mpaka pa bokosi Nangozo akunena kuti "mungadetse", "mwayenda", "lisungeni". Mzere umene akunena kuti "Iwe" ndi pamene nkhani yatembenukira. Mawu akewo ndi odzudzula, akumuuza kuti walakwitsa kusankha mbatata, koma ndi kudzudzula kwa mkulu kwa mng'ono wake wa pakhomo. Mlendo sadzudzulidwa. Kukhululuka konse kwa m'nkhaniyi kwakwera pa liwu limodzi limeneli. Koma pali msampha umene olemba a kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ayenera kuudziwa. M'makomo ambiri kuno ngakhale mwana wamng'ono amauzidwa kuti "inu", monga mmene Nangozo akunenera kwa Chisomo kuti "tawatengerani". Pakhomo lotero "iwe" angamveke ngati chipongwe osati chikondi. Ndiye liwuli silikhala ndi tanthauzo limodzi paliponse. Limatenga tanthauzo kuchokera pa chizolowezi cha anthu awiriwo, ndipo chizolowezicho muyenera kuchionetsa nkhani isanafike pamenepa. Kumayambiriro, mwina pamene Dalitso akunyamuka ulendo wa ku Joni, tiyenera kumumva Nangozo akuti "Iwe, usakaiwale kwanu." Mukapanda kudzala mbewu imeneyi, "inu" wa pakhondeyu angooneka ngati ulemu wamba, ndipo "iwe" wa kumapeto sagwedeza munthu. N'chimodzimodzi ndi maina. Mkazi amene masiku onse amati "bambo a Chisomo" lero akati "a Ngozo", kapena mwamuna amene amati "Nangozo" lero akati "mayi", wowerenga amadziwa kuti pagwa kanthu, koma pokhapokha ngati anamva kaitanidwe ka masiku onse kawiri kapena katatu m'mbuyomo.

Chida chachitatu chili mu mneni. Dalitso akufunsa kuti "Feteleza munamupeza?" Yankho loyembekezeka ndi lakuti "Ndinamupeza" kapena "Tinamupeza". Nangozo akuti "Anapezeka." Wachotsamo wochita. N'chimodzimodzi ndi mwana amene amati "mbale yasweka" pothawa kunena kuti "ndaswa mbale", koma Nangozo akuugwiritsa ntchito motembenuza: sakubisa kulakwa, akubisa kuvutika kwake, ndipo akukubisa mwa njira yoti Dalitso aone kuti pabisidwa kanthu. Feteleza sapezeka yekha, bokosi silipezeka lokha. Funso lakuti "analipeza ndani, ndi chiyani?" latsala m'malere, ndipo yankho lake lili pa mzere wa mbuzi. "Khola lilipo" ndi yankho la funso limene silinafunsidwe. Wafunsidwa za mbuzi, wayankha za khola. Wowerenga wa kumudzi amalumikiza yekha: mbuzi kulibe, bokosi linapezeka. Akalumikiza yekha amazikhulupirira kuposa mmene akanakhulupirira mukanamuuza. Mneni wotereyu wabwera kawiri, "anapezeka" ndi "linapezeka", ndipo kawiri n'kokwanira. Koyamba wowerenga amangodutsa, kachiwiri amaima. Kachitatu zimayamba kuoneka kuti ndi dzanja la wolemba.

Mzere wolemera kwambiri ndi wa netiweki. Nangozo sangathe kunena kuti "amayi anakudikira mpaka kufa". M'malo mwake akubwereza mawu a malemuwo, mawu omuikira kumbuyo Dalitso. Pamwamba akuvomereza chowiringula cha mlongo wake, mafoni amavutadi. Pansi akumuonetsa mayi wodwala akumupezera mwana wake zifukwa. Pa mzere umodzi tadziwa anthu atatu: mayi amene anakana kuganiza zoipa za mwana wake, mwana wamkazi amene ankamva zimenezi akuchapa zofunda za wodwala, ndi mwana wamwamuna amene tsopano alibe poyankha. N'chifukwa chake pambuyo pa mzerewu sipakubwera mawu, pakubwera zipi.

Dalitso naye ali ndi kazembedwe kake, kosiyana ndi ka mlongo wake, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti akhale anthu awiri osati pakamwa pawiri pa wolemba mmodzi. Nangozo amazemba ndi ziganizo zazifupi zotsekeka, za mawu awiri kapena atatu. Dalitso amazemba ndi mafunso, ndipo akayandikira nkhani yeniyeni chiganizo chimamuthera panjira: "Foni ija...", "Nanga bokosi..." Sanganene kuti wabwera wopanda ndalama, koma chikwama sichikuchoka pamiyendo, ndipo chimene akutchula kuti wabweretsa ndi bulangete limodzi logulidwa chaka chatha. Mawu akuti "chaka chatha chomwe" ndi kudziteteza kwake konse: ndinkawakumbukira. Yankho la Nangozo likupweteka, pakuti mwini bulangete kulibe, komabe muli kachitseko kotseguka. Akuti "usiku kuno", kutanthauza kuti agona pakhomo pomwepa. Mukafuna kudziwa ngati anthu anu ali ndi mawu awoawo, phimbani maina onse ndi zochita zonse, muwerenge mizere yokhayokha. Ngati pa mizere 10 mukulephera kudziwa mwini wake pa itatu kapena kuposerapo, ndiye kuti onse akuzemba mofanana. Mmodzi mupatseni mafunso, wina nthabwala, wina ntchito ya m'manja, wina kutchula Mulungu, malinga ndi mmene munthuyo alili.

Za malonje ndinenepo pang'ono, popeza ambiri amafunsa. Kuwachotseratu kumachititsa kuti anthu anu amveke ngati a m'filimu yakunja. Kuwalemba onse, kufunsana za ana, za mvula, za kumene achokera, kumatopetsa. Sungani mizere iwiri kapena inayi, ndipo umodzi mwa iyo ukhote. Aliyense amadziwa kuti yankho ndi "Tili bwino, kaya inu?" Nangozo akati "Tilipo, amene tilipofe," wowerenga amamva kukhotako chifukwa khutu lake limayembekezera china. Malonje ndi malo abwino obisapo nkhani chifukwa mawu ake ndi odziwika kale, moti kusintha liwu limodzi kumamveka patali.

Tsopano zimene zimalakwika. Cholakwika chofala kwambiri ndi kubweza pakhomo lakumbuyo zimene mwatulutsa pakhomo lakumaso. Wolemba amalemba mzere wabwino wobisa, kenako mantha amamugwira kuti wowerenga samva, n'kuwonjezera kuti: "Khola lilipo," anatero Nangozo mowawidwa mtima pokumbukira mbuzi zimene anagulitsa. Ntchito yonse yatha pomwepo. Dutsani m'zolemba zanu ndi cholembera, muzungulize muonjezi aliyense wotsatira "anatero" kapena "anayankha": mokwiya, mwachisoni, monyoza, modandaula, mwamanyazi. Pa aliyense dzifunseni ngati mzerewo ungaime wokha. Ngati ungaime, fufutani muonjeziyo. Ngati sungaime, vuto lili mu mzerewo, ndipo ndi umene muyenera kuulembanso. Pamene anthu ali awiri okha, ngakhale "anatero" weniweniyo safunika kawirikawiri. M'chitsanzo chathu mulibe ngakhale mmodzi, chifukwa "achemwali" ndi kayankhulidwe ka aliyense zikutiuza amene akuyankhula. Mfuuliro nawonso ndi muonjezi wobisala. "Linapezeka!" ndi munthu wina, wokalipa. Nangozo amanena ndi mpumiro.

Zochita za pakati pa mawu nazo zingathe kugwera m'dzenje lomweli. "Misozi inalengeza m'maso mwake", "anapumira m'mwamba", "mtima wake unagunda" ndi kunena zakukhosi komwe kuja, kungoti wanena ndi wolemba. Zochita zothandiza ndi zimene zili ntchito yeniyeni ya pamalopo, zoti munthu woima patali angazione osadziwa tanthauzo lake: kuponya mbatata imodziimodzi, kutsegula ndi kutseka zipi, kutsika pampando. M'chitsanzochi muli zochita pamalo 6 pa mizere yoyankhula 21, ndipo zili pamene mawu alephera. Mukaika chochita pambuyo pa mzere uliwonse, anthu anu azioneka ngati akunjenjemera, ndipo kutsika pampando kuja, kumene ndi pempho lenileni la Dalitso, kumira pakati pa kukanda m'mutu ndi kuyang'ana kumwamba.

Cholakwika china ndi chosiyana ndi chimenechi: kubisa mpaka wowerenga osaona kanthu. Anthu awiri akukamba za mbatata, ndipo wowerenga akungomva za mbatata. Izi zimachitika pamene mfundo zofunika zili m'mutu mwa wolemba mokha. Lamulo lake ndi lakuti mubise mmene munthu akumvera, koma musabise zimene zinachitika. Wowerenga afike pakhondepo akudziwa kale kuti mayi anamwalira, kuti Dalitso kunalibe, ndiponso kuti pakhomopo panali mbuzi. Akadziwa zitatuzi, "Khola lilipo" amamveka. Akapanda kudziwa, ndi mawu a munthu wosamva bwino. Njira yoyesera ndi yapafupi. Patsani munthu amene sakuidziwa nkhaniyo kuti awerenge, ndipo musamufunse ngati yamusangalatsa, chifukwa ayankha mwaulemu. Mufunseni kuti mbuzi zinapita kuti, ndiponso kuti mawa kukuchitika chiyani. Akayankha kuti zinagulitsidwa pa maliro ndipo mawa akupita kumanda, mwakhoza. Akati "kaya, mwina zinabedwa", musathamangire kukonza mzere wa khola. Bwererani m'mbuyo mukaonetse mbuzizo zili moyo, mwina Nangozo akuzikana kugulitsa pa nthawi ina ya njala, kuti kusowa kwake kudzakhale ndi kulemera.

Miyambi ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ambirife tinaphunzitsidwa kusukulu kuti chimangirizo chokoma n'chodzaza miyambi ndi zining'a. Ndiye wolemba amaganiza kuti Nangozo akati "Fodya wako ndi amene ali pamphuno" kapena "Mwana wa mnzako ngwako yemwe" wayankhula mobisa. Sanabise kanthu. Mwambi ndi chigamulo, umanena poyera amene walakwa ndi phunziro lake, ndipo ndi mawu a anthu onse, osati a Nangozo. Pa zokambirana za anthu awiri a m'nyumba imodzi amene chilonda chawo chikadali chachiwisi, mwambi subwera msanga. Malo ake ndi pabwalo, pakamwa pa ankhoswe kapena amalume, anthu amene udindo wawo ndi kuweruza. Ngati muufuna ndithu, ukhale umodzi pa chochitika chonse, ndipo uulule woyankhulayo. Amalume amene amathawira ku mwambi nthawi iliyonse akafunsidwa za ndalama za chipepeso, mwambiwo ukutiuza za iwowo. Kapena munthu aunene theka, mwambi wodziwika monga "Chaona mnzako chapita...", n'kuusiyira pomwepo kuti womva aumalize yekha mumtima.

Palinso kuyankhulitsa anthu zinthu zimene onse awiri akuzidziwa kale, pofuna kudziwitsa wowerenga: "Monga ukudziwa, amayi anamwalira mwezi wa Febuluwale utakhala ku Joni zaka 4." Palibe mlongo amene angauze mlongo wake zimenezi. Mfundo zoterezi ziperekeni inu wolemba m'chiganizo chimodzi cholunjika, kapena zitulukire pamene wina akuzigwiritsa ntchito ngati chida pa mnzake.

Amene mukulemba sewero la pa wailesi muli ndi vuto lina, pakuti zipi ndi mpando sizioneka. Zochita zija zisandutseni phokoso kapena mawu. Mbatata zimveke zikugwera m'ndowa yachitsulo m'malo mwa thumba, zitatu, motalikirana. Kutsika pampando kungamveke mwa mwana uja: "Amayi, alendo akhala pansi." Ndipo Nangozo asayankhe. Pa siteji n'kosavuta, koma pamenepo muuzeni wosewera kuti asauthandize mzerewo ndi nkhope. Akanena "Linapezeka" akugwedeza mutu ndi kuluma mlomo, wabwezeretsa muonjezi uja munafufuta.

Kodi ndiye kuti munthu asadzanene konse zakukhosi? Ayi. Anthu amanena, koma mochedwa, mwachidule, ndipo kawirikawiri osati chinthu chimene timayembekezera. Ngati nkhani ya Nangozo ipitirira mpaka kumanda, pamenepo angathe kunena mzere umodzi wolunjika, ndipo udzalemera chifukwa masamba onse a m'mbuyo anaukaniza. Koma ngakhale pamenepo ndingasankhe kuti anene chochitika osati dzina la mmene akumvera. "Ndinavutika kwambiri" ndi mawu opepuka. "Ndinkawatembenuza ndekha usiku" ali ndi thupi, ali ndi nthawi, ali ndi liwu lakuti "ndekha", ndipo kwa nthawi yoyamba mneni wabwezeredwa mwini wake pambuyo pa "anapezeka" ndi "linapezeka". Mzere wotere mupatseni munthu mmodzi kamodzi pa nkhani yaifupi yonse. Mnzakeyo asauyankhe ndi mzere wolunjika wofanana nawo, chifukwa akatero tabwerera ku mizere itatu tinayamba nayo ija.

Mukamaliza kulemba, werengani mokweza, makamaka pamodzi ndi munthu wina kuti aliyense atenge mbali yake. Mzere umene simungathe kuunena ndi mpweya umodzi ndi wautali, ndipo mukauyang'anitsitsa mupeza kuti muli "chifukwa". Liwu limeneli ndi chizindikiro chodalirika chakuti munthu wayamba kudzifotokoza: m'mizere itatu yoipa ija likupezeka kawiri, m'chitsanzo chachiwiri mulibe. Dulani chiganizocho pamene pali "chifukwa", mutaye mbali yakumapeto, muwerengenso. Kenako tengani pepala lobisika lija, muike chala pa mzere uliwonse wa zoyankhulana, muone ngati mungathe kutchula chimene woyankhulayo akufuna pa mzere umenewo. "Zabereka chaka chino" ndi kupempha kuti amulole kuyankhula. "Ndi za kudimba kwa amayi" ndi kukana. "Apa?" ndi kufunsa ngati walandiridwadi, pakuti Dalitso anakulira pa mbatata ndipo akudziwa bwino pamene mbewu imaikidwa. Mzere umene chala chaimapo inu n'kusowa chonena, umenewo uchotseni, muone ngati mizere ya m'mbali mwake ikulumikizana popanda iwo.